Mng'alu wa m'mbali mwa msoko: zimene zimachitika m'chitsulo chimene chinawauka koma sichinasungunuke

*Funso: Ndimawotcherera zitsulo ku Ndirande. Ndinalumikiza mbale yachitsulo yokhuthala mamilimita 20 ku shafiti ya chigayo ya mamilimita 50 ndi marodi a E6013 a mamilimita 3.2. Msoko unatuluka wokongola, koma patapita masiku awiri, chigayocho chisanayambe n'komwe kugaya, ndinapeza mng'alu pa shafiti, m'mphepete mwenimweni mwa msokowo. Kodi moto unachuluka, kapena ndinalakwitsa pati?*

Bambo, moto sunachuluke, ndipo ndikuganiza kuti ukanachuluka pang'ono mwina shafitiyo ikanapulumuka. Vuto linali kuzizira. Kachigawo ka shafiti kamene kali m'mbali mwa msoko kanatentha mpaka kufiira, kenako kanazizira m'masekondi ochepa chabe, ndipo chimene chinakaziziritsa si madzi kapena mphepo, koma shafiti yomweyo. Munthu wosula nkhwangwa akafuna kuti mpeni wake uume, amaufiiritsa pamakala n'kuuviika m'madzi. Inu munachita zomwezo mosadziwa, kungoti m'malo mwa ndowa ya madzi panali thunthu la chitsulo chozizira la mamilimita 50, limene limamwa kutentha mofulumira kwambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti wosula uja amabwereza kutenthetsa mpeniwo pang'ono kuti usathetheke, pamene kachigawo ka shafiti yanu kanasiyidwa kali kouma gwaa, kakukokedwa ndi msoko umene unkafota pozizira.

Tiyambe ndi kachigawo kameneka, kamene m'mapepala a ntchito amakalemba kuti HAZ, koma pano ndizikatchula kuti chigawo chowauka. Ndi chitsulo chimene sichinasungunuke, choncho sichinasakanikirane ndi chitsulo cha rodi, koma chinalandira kutentha kokwanira kusintha mkati mwake. Powotcherera ndi rodi wamba, chigawochi chimakhala cha mamilimita awiri kapena atatu okha kuchokera pamalire a msoko. Maso sangachione pa chitsulo chimene changotsukidwa ndi burashi, koma mukadula cholumikizacho, n'kusalaza podulapo ndi kupakapo asidi wosungunula mu mowa wa sipiriti, chimaoneka ngati mkombero wakuda wozungulira msoko.

Chitsulo chikuoneka ngati chinthu chimodzi chogwirana, koma pansi pa galasi lokuzira zinthu chimaoneka kuti n'chopangidwa ndi tinjere tambirimbiri tokanikizana. M'shafiti yabwinobwino tinjere timeneti n'tamitundu iwiri. Tina ndi feraiti, imene ndi chitsulo chofewa chokhala ndi kaboni wochepa kwambiri, ndipo tina ndi pelaiti, mmene kaboni anadziunjika m'timizere topyapyala tosinthanasinthana ndi feraiti. Kusakanikirana kumeneku n'kumene kumachititsa kuti shafiti ikhale ndi mphamvu koma izithanso kupindika pang'ono isanathyoke. Chitsulo chikatentha kupitirira madigiri 727, maatomu ake amayamba kusintha kaimidwe, ndipo kwa chitsulo cha kaboni wapakatikati, chikafika chapamadigiri 800 chonse chimakhala chitasanduka mtundu wina wotchedwa ositenaiti. Ositenaiti imasungunula kaboni yense mkati mwake, monga mmene madzi otentha amasungunulira shuga, ngakhale kuti chitsulocho chidakali cholimba osati chamadzimadzi. Chikamazizira pang'onopang'ono kaboni uja amapeza nthawi yoyenda n'kukadziunjikanso mu pelaiti, ndipo zinthu zimabwerera mwakale. Chikazizira mwadzidzidzi kaboni amatsekeredwa pomwe ali, maatomu achitsulo n'kusintha kaimidwe mokakamizika ali ndi mlendo pakati pawo, ndipo chotsatira chake ndi matenisaiti, dzina lochokera kwa katswiri wa ku Germany Adolf Martens. Matenisaiti ndi ouma kwambiri koma sapindika, akapanikizika amang'aluka.

Apa mpofunika kusiyanitsa mawu awiri amene timawasokoneza polankhula. Kuuma ndi kukana kudindika kapena kupalika, monga mmene tupa aliri. Kupirira ndi kutha kulandira nkhonya kapena kupindidwa popanda kusweka, monga waya wa mpanda. Tupa mukamugwetsa pasimenti akhoza kuduka pakati, pamene waya mungamupinde kangapo. Chigawo chowauka cha shafiti yanu chinasanduka tupa.

Komatu chigawochi sichofanana paliponse, chifukwa kutentha kumene malo alionse anafika kumatsika mofulumira mukamatalikira msoko. Chakunja kwenikweni, kumene kutentha sikunafike madigiri 727, tinjere sitinasinthe mtundu. Chamkati pang'ono mbali ina yokha ya chitsulo ndi imene inasanduka ositenaiti, ndipo chamkatinso, kumene kunafika pakati pa madigiri 900 ndi 1100, tinjere tatsopano tinabadwa tating'onoting'ono, moti malo amenewa kawirikawiri amakhala abwino kuposa chitsulo choyamba chija. Malo oopsa ndi mzere wopyapyala, wosakwana milimita imodzi, umene wagundana ndi msoko weniweniwo. Pamenepa kutentha kunadutsa madigiri 1100 n'kuyandikira 1500, pamene chitsulo chimasungunuka, ndipo pa kutentha koteroko tinjere ta ositenaiti timamezana, tating'ono kulowa m'tikulutikulu, mpaka titakula kangapo kuposa poyamba. Kukula kumeneku kumawononga m'njira ziwiri. Feraiti ndi pelaiti zimayamba kumera pamalire a tinjere, ndiye tinjere tikakhala tikulutikulu malire amachepa, kusintha kofewa kuja kumachedwa kuyamba, ndipo matenisaiti amapeza mpata. Chachiwiri n'chakuti mng'alu ukayamba m'njere yaikulu umayenda mtunda wautali usanakumane ndi malire oti aupatutse. N'chifukwa chake mng'alu wanu uli m'mphepete mwenimweni mwa msoko osati mamilimita asanu kutali.

Mwina mukudzifunsa kuti bwanji zimenezi sizichitika pa mageti, mafelemu a mawindo ndi mabedi amene mwakhala mukuwotcherera zaka zonsezi ndi marodi omwewo. Yankho lili mu kaboni ndi mu kukhuthala. Chitsulo cha mageti chimakhala ndi kaboni wosafika 0.2 peresenti, pamene mashafiti ambiri amasulidwa kuchokera ku chitsulo chimene ogulitsa amachitchula kuti EN8, chokhala ndi kaboni pafupifupi 0.40 peresenti ndi manganizi chapa 0.8 peresenti. Sindinayeze shafiti yanu, koma mmene yang'alukira zikugwirizana ndi chitsulo cha mtundu umenewu kapena choposerapo. Pofuna kudziwa kuti chitsulo chingaume mosavuta bwanji, timaphatikiza kaboni ndi zosakaniza zina kukhala nambala imodzi yotchedwa CE, pogwiritsa ntchito masamu awa, mmene C ndi peresenti ya kaboni, Mn ya manganizi, Cr ya kiromiyamu, Mo ya molibidinamu, V ya vanadiyamu, Ni ya nikelo ndipo Cu ya kopa:

```
CE = C + Mn/6 + (Cr + Mo + V)/5 + (Ni + Cu)/15
```

Kwa chitsulo wamba chokhala ndi kaboni 0.18 ndi manganizi 0.9, nambalayi imatuluka 0.33. Kwa EN8 timaphatikiza 0.40 ndi 0.8 wogawa ndi 6, ndipo timapeza 0.53. Nambalayi ikakhala pansi pa 0.40 chitsulo chimawotchereka popanda mavuto ambiri, ikadutsa 0.45 chimafuna kutenthetsedwa kaye, makamaka chikakhala chokhuthala. Ngati shafitiyo inali ya EN19, imene ili ndi kiromiyamu ndi molibidinamu, nambala ingafike chapa 0.80, ndipo pamenepo munthu amayenera kuganiza kawiri ngati kuwotcherera ndiyo njira yoyenera. Kaboni ali ndi mbali inanso imene nambalayi siionetsa bwino: iye yekha ndi amene amalamula kuti matenisaiti akapangika adzauma kufika pati. Pa muyeso wa kuuma wotchedwa Vickers, EN8 yosawotcherera imakhala chapa 200, koma matenisaiti a kaboni 0.40 amafika 600 kapena kupitirira, pamene malire amene timayamba kuda nawo nkhawa ndi chapa 350.

Tsopano tiwerengere kutentha kumene munalowetsa. Rodi ya mamilimita 3.2 imayenda bwino pa maampu 110 ndi mavoti 24, ndipo tinene kuti dzanja lanu linkayenda mamilimita 150 pa mphindi. M'masamu ali m'munsiwa V ndi mavoti, I ndi maampu, v ndi liwiro la dzanja, ndipo Q ndi kutentha kolowa pa milimita iliyonse ya msoko.

```
Q = 0.8 x V x I x 60 / (1000 x v)
Q = 0.8 x 24 x 110 x 60 / (1000 x 150) = 0.84 kJ/mm
```

Nambala ya 0.8 ikuimira kuti gawo lina la kutentha limathawira mumpweya. Kutentha kumeneku n'kokwanira bwino pa chitsulo cha mamilimita atatu, pamene kulibe kothawira ndipo msoko umakhala wofiira kwa kanthawi. Pa shafiti ya mamilimita 50 yolumikizidwa ndi mbale ya mamilimita 20, kutentha kumathawira mbali zonse, m'litali mwa shafiti, mkati mwake ndi m'mbalemo. Chimene timayeza ndi nthawi imene chigawo chowauka chimatenga kutsika kuchokera pa madigiri 800 kufika pa 500, chifukwa ndi pakati pamenepa pamene kaboni amakhala ndi mwayi woyenda. Tikawerengera ndi masamu a mu EN 1011-2, buku la ku Ulaya la malangizo owotcherera zitsulo, cholumikiza ngati chanu, chitsulo chili chozizira pa madigiri 25, chimadutsa mpata umenewu m'masekondi atatu okha. Kwa EN8 masekondi atatu ndi ochepa kwambiri, ndipo mzere wa tinjere tikulutikulu uja umasanduka matenisaiti pafupifupi wonse. Ndiye ndikamati moto ukanachuluka zikanathandiza ndikutanthauza zimenezi, ngakhale kuti kukweza moto kuli ndi malire ake, popeza kumakulitsanso tinjere ndi kudya m'mbali mwa msoko.

Kuuma pakokha sikung'alula chitsulo, ndipo sikufotokoza chifukwa chimene mng'alu unadikira masiku awiri. Wochedwetsa mng'alu ndi hayidirojeni. Mumoto wa magetsi wa kunsonga kwa rodi, chilichonse chokhala ndi madzi kapena mafuta chimaphwanyika, ndipo hayidirojeni amalowa m'chitsulo chosungunuka ngati maatomu oyenda okhaokha. Amachokera ku chinyezi cha mu ufa wokutira rodi, ku girizi ndi oyilo wa pa shafiti, ku dzimbiri ndi ku penti. Marodi a E6013 amapangidwa dala ndi chinyezi ndi zinthu zochokera ku zomera mu ufa wawo kuti aziyaka mosavuta, choncho amapereka hayidirojeni wambiri ngakhale atangotuluka m'bokosi, ndipo kuwaumitsa pamoto waukulu kumangowawononga. Akakhala kuti agona m'shedi nyengo ya mvula, vutoli limawonjezeka.

Chimene chimachitika pozizira n'chochititsa chidwi. Chitsulo cha msoko chili ndi kaboni wochepa kuposa shafiti, motero chimayamba ndicho kuchoka mu ositenaiti kupita ku feraiti, chidakali chotentha ndithu. Feraiti sisunga hayidirojeni wambiri koma imamulola kuyenda mofulumira, ndiye amathawa mumsoko n'kuwolokera m'chigawo chowauka cha shafiti, chimene pa nthawiyo chidakali ositenaiti ndipo chimamulandira bwino. Kenako chigawocho chikatsika pansi pa madigiri 350 kapena chapamenepo chimasanduka matenisaiti, hayidirojeni ali momwemo. Shafiti ikazizira kufika poti mungaigwire ndi manja, maatomu amenewa samaima. Amayenda pang'onopang'ono kupita kumene chitsulo chakokedwa kwambiri, ndipo malo otero ndi pakona pamene nkhope ya msoko ikukumana ndi shafiti, komanso patsinde pa msoko. Akachuluka pamenepo amafooketsa kugwirana kwa chitsulo, kamng'alu kakang'ono n'kutseguka, kukayenda pang'ono n'kuima. Hayidirojeni amasonkhananso kunsonga kwa kamng'aluko, ndipo pakapita maola kamalumphanso. Ulendo wodumphadumphawu ndi umene umatenga tsiku limodzi, awiri kapena atatu kuti uonekere kunja. Pa chifukwa chimenechi malamulo a zomangamanga zachitsulo amafuna kuti pa zitsulo zina zamphamvu kwambiri padutse maola 48 asanayeze msoko komaliza, ndipo wowotcherera amene wapereka shafiti kwa mwini wake madzulo a tsiku lomwelo sanaone chilichonse.

Nanga mphamvu yokoka ija ikuchokera kuti, popeza chigayo chinali chisanagwire ntchito? Ikuchokera mumsoko momwemo. Chitsulo chotentha chimatupa, chikamazizira chimafota, koma msoko wozungulira shafiti sungafote momasuka chifukwa wagwiridwa mbali zonse ndi zitsulo zokhuthala zimene sizikusuntha. Kukoka kumene kumatsalira kumafika pafupi ndi mphamvu imene chitsulocho chimayambira kupindika, popanda katundu aliyense kuikidwapo. Choncho mng'alu wamtunduwu umafuna kuti zinthu zitatu zikumane pamalo amodzi chitsulo chitazizira: chigawo chouma, hayidirojeni, ndi kukoka. Mukachotsa chimodzi mokwanira, mng'alu subwera. Pa geti lanu hayidirojeni alipo wochuluka chimodzimodzi, koma chigawo chowauka n'chofewa ndipo chitsulo chopyapyala chimagonjera msoko ukamafota.

Zimenezi sizigwera amisiri a m'misika okha. Mlatho wa King Street mumzinda wa Melbourne ku Australia unathyoka mbali imodzi m'mawa wozizira wa pa 10 Julayi 1962, patangopita chaka chimodzi ndi miyezi yochepa chiutsegulire. Kafukufuku anapeza ming'alu m'chigawo chowauka, m'mphepete mwa misoko ya kumapeto kwa mbale zolimbitsira mitanda, ndipo ming'aluyo inayamba pa nthawi yowotcherera, chitsulo chake chili chovuta kuwotcherera kuposa chimene opangawo anazolowera ndiponso kutenthetsa kusanachitike mokwanira.

Musanakonze, tsimikizani kuti mng'aluwo ndi wamtundu umenewu, chifukwa ming'alu ina imafuna mankhwala ena. Mng'alu woyenda pakati penipeni pa msoko, kapena wooneka ngati nyenyezi pamene munazimitsira rodi, umabwera chitsulo chidakali chotentha ndipo umaoneka mukangochotsa makoko. Umenewo umachokera ku salufa, ku msoko wopyapyala kapena ku dzenje losadzaza. Mng'alu wa kutopa kwa chitsulo umabwera patapita miyezi chigayo chikugwira ntchito, ndipo mukathyola pamaoneka posalala pokhala ndi mizere yokhotakhota ngati ya pachigoba cha nkhono. Wanu wabwera popanda katundu, wachedwa, ndipo watsatira malire a msoko kumbali ya chitsulo cha kaboni wambiri. Pali kuyesa kumene mungachite lero ndi tupa watsopano. Palani shafiti patali ndi msoko, mumva tupa akudya bwino. Kenako palani pamphepete penipeni pa msoko. Ngati tupa akuterereka n'kumalira mokweza osadya, mwapeza matenisaiti. Mukanakhudzitsa kumapeto kwa shafiti pa gulayinda musanayambe ntchito mukanachenjezedwanso: chitsulo cha mageti chimatulutsa nthethe zazitali zokhala ndi mphanda zochepa, pamene cha kaboni wambiri chimatulutsa nthethe zophulika tinthambi tambirimbiri kumapeto kwake.

Pokonza, choyamba ndi kuchotsa msoko wonse ndi gulayinda, osati pamene pakuoneka mng'alu pokha, chifukwa ming'alu yambiri yamtunduwu imabisala pansi pa msoko osatulukira kunja. Pitirizani kupala mpaka mng'alu utatheratu, ndipo musakhulupirire maso okha. Ngati mulibe mankhwala ofiira oyezera ming'alu, pakani parafini, mudikire mphindi 15, mupukute bwino, kenako mupakepo choko chosungunula mu sipiriti. Chikauma, parafini wotsalira mumng'alu amatuluka n'kudetsa chokocho mumzere. Mukapeza kuti mng'alu walowa mkati mwa shafiti mamilimita angapo, malangizo anga ndi akuti shafitiyo muitaye. Shafiti ya chigayo imazungulira maulendo masauzande pa mphindi itanyamula nyundo zolemera, ndipo anthu amaimirira pafupi nayo tsiku lonse. Kuwotcherera pamwamba pa mng'alu kumangouphimba, ndipo kutentha kwatsopano kumautalikitsa.

Ngati mng'alu unali wosazama ndipo watha, tsukani parafini ndi girizi yense, kenako sinthani rodi. Mufunika E7018, imene ufa wake ndi wa laimu ndipo imapereka hayidirojeni wochepa kwambiri, koma pokhapokha ikakhala youma. Ufa umenewu umamwa chinyezi cha mumpweya m'maola ochepa, moti rodi ya E7018 yogulidwa imodziimodzi pa shelefu yotseguka yataya kale ubwino umene munaigulira. Gulani paketi yomata, muitsegule pa nthawi ya ntchito. Marodi amene akhala pamtunda amafuna kuumitsidwa pa madigiri 300 mpaka 350 kwa ola limodzi kapena awiri, n'kusungidwa pa madigiri 120 mpaka 150 kufikira atagwiritsidwa ntchito. Uvuni wa m'khitchini ungasunge marodi ouma kale koma sufika pa kutentha koumitsira. Dziwaninso kuti makina ambiri opangidwa pamanja, a thiransifoma yokulunga, amavutika kuyatsa E7018 chifukwa mavoti ake oyatsira ndi otsika. Ngati anu ali otero, bwerekani makina a inivita pa ntchito imeneyi, kusiyana n'kuti mubwerere ku E6013.

Kenako tenthetsani shafiti ndi mbale yomwe kufika madigiri 250 mpaka 300 musanayatse rodi. Kutenthetsa kumeneku kuyenera kulowa mpaka mkati, osati kungonyambititsa lawi pamwamba, ndiye tenthetsani mozungulira pang'onopang'ono, mamilimita 75 mbali iliyonse ya polumikizira, muchotse lawi, mudikire mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako muyeze. Choko choyezera kutentha, chimene chimasungunuka pa digiri yolembedwa pachikuto chake, ndicho chodalirika. Ngati palibe, palani kamalo kena mpaka kuwala n'kumayang'ana mtundu wake: chapa madigiri 220 kamakhala kachikasu ngati udzu wouma, chapa 250 kabulauni, chapa 280 kofiirira mopita ku pepo, ndipo chapa 300 kabuluu. Mukaona pepo mwafika. Timalo tomangirira, timene ambiri amatiponya chitsulo chili chozizira asanatenthetse, ndito timayambitsa ming'alu kawirikawiri, chifukwa kamsoko kakafupi kamazizira mofulumira kuposa msoko wautali. Tenthetsani kaye, mumangirire pambuyo, ndipo timisoko tomangirirato tikhale totalika mamilimita 40 kapena 50 kapena kuyandikira pamenepo.

Ndikufuna kunena mosabisa zimene kutenthetsa kumachita ndi zimene sikuchita, chifukwa ambiri amakhulupirira kuti kumathetsa matenisaiti onse. Pa madigiri 250, masekondi atatu aja amakhala pafupifupi asanu ndi awiri. Kumeneku n'kuwirikiza kawiri, ndipo kumachepetsa kuuma, koma kwa EN8 matenisaiti ena amapangikabe. Phindu lalikulu lili kumunsi: cholumikiza chotenthetsedwa chimakhala nthawi yaitali pamwamba pa madigiri 150, pamene hayidirojeni amayenda mofulumira n'kutuluka m'chitsulo ndiponso pamene mng'alu wamtunduwu suyamba. Ndiye chifukwa chake zimene mumachita mukamaliza kuwotcherera n'zofunika mofanana ndi zimene munachita poyamba. Musalole shafiti kuzizira pakati pa mizere, ngakhale magetsi atazima. Zikatero isungeni yotentha ndi lawi mpaka abwerere. Mukamaliza, isungeni pa madigiri 250 mpaka 300 kwa maola awiri, kenako muikwirire mumchenga wouma wotenthetsa, mu laimu wouma kapena m'phulusa, igone momwemo mpaka m'mawa. Kuthira madzi kuti kasitomala anyamule msanga ndi kubwereza zimene wosula nkhwangwa amachita, mwadala tsopano.

Kaikidwe ka mizere nakonso kangakuthandizeni. M'malo mwa mzere umodzi, ikani itatu kapena kuposerapo, chifukwa mzere uliwonse wotsatira umatenthetsanso chigawo chowauka cha mzere wapansi pake, kuphwanya tinjere tikulutikulu tija ndi kufewetsa matenisaiti. Mzere womaliza usathere pa shafiti. Uikeni pamwamba pa chitsulo cha msoko, mamilimita awiri kapena atatu kuchokera pamphepete, kuti kutentha kwake kufewetse chigawo chouma cha pamphepetepo popanda kupanga china chatsopano pa shafiti. Mukatero salazani mphepetemo ndi gulayinda yaing'ono kuti pasakhale kona yakuthwa kapena kangalande kodyeka, popeza pamenepo ndi pamene kukoka kumasonkhana, ndiponso ndi pamene mng'alu wa kutopa udzayambire chigayo chikayamba ntchito. Kumene kuli ng'anjo, kutenthetsa cholumikiza chonse pa madigiri 600, ola limodzi pa mamilimita 25 alionse a kukhuthala, n'kuchiziziritsa pang'onopang'ono, kumafewetsa matenisaiti ndi kuchotsa kukoka kwambiri kotsalira. Kwa shafiti yanu amenewo ndi maola awiri, ndipo pambuyo pake iyenera kuyezedwa pa leti ngati idakali yowongoka.

Ena adzakuuzani kuti mugule rodi ya sitenilesi ya E312 kapena E309 ndipo nkhani yatha. Pali choonadi pamenepo. Chitsulo cha marodi amenewa chimakhala ndi ositenaiti yambiri ngakhale chitazizira, choncho chimasunga hayidirojeni mkati mwake m'malo momukankhira ku shafiti, ndipo chimatamuka msoko ukamafota. Pa ntchito yadzidzidzi imene simungathe kutenthetsa mokwanira, zimathandiza ndithu. Koma chigawo chowauka cha shafiti chimakhalabe chouma chimodzimodzi, chifukwa kuuma kwake kumadalira kaboni wa shafiti ndi liwiro la kuzizira, osati rodi. Mng'alu wa masiku awiri mwaupewa, koma mwasiya mkombero wosapindika pamalo amene shafiti imapindika pang'ono ulendo uliwonse ikazungulira. Ine ndimalola rodi imeneyi ndi kutenthetsa kwa madigiri 150 kapena 200, osati m'malo mwa kutenthetsa.

Shafiti ikatuluka mumchenga, isiyeni maola 48 musanaiyeze ndi parafini ndi choko kachiwiri, mozungulira mphepete zonse ziwiri za msoko, ndipo mupalenso ndi tupa pamalire. Tupa akadya, ngakhale movutikira pang'ono kuposa pa shafiti yosawauka, ntchito yayenda. Pa chigayo chotsatira, funsani wosula pa leti ngati mbaleyo singamangidwe pa kabokosi kozungulira ka chitsulo wamba, kamene mungawotcherere momasuka, n'kukalowetsa pa shafiti ndi kiyi ndi bawuti. Mapule ndi magiya a m'makina ogula amamangidwa motero pa mashafiti a EN8, ndipo shafitiyo sikhudzidwa ndi moto wa rodi.